Kope la abwana, njovu za ku Liwonde ndi nthabwala zina za ku Lifupa

Mlendo wina analipira ndalama zake pageti n'kulowa m'paki ya Kasungu kuti akaone njovu. Anazungulira tsiku lonse, fumbi mpaka m'mano, koma chimene anaona ndi makutu a mvuu padamu la Lifupa. Madzulo potuluka anaima pagolosale ina kunja kwa mpanda, n'kuyamba kudandaula kuti ndalama zake zapita pachabe. Mkulu wina amene anali pabawo anayankha maso ali pa njombwa zake:

"Mwasochera, bambo. Njovu masiku ano zimagona m'paki koma zimadyera kwathu. Bwerani usiku kumunda kwanga, polowa n'paulere. Mungotenga chitini ndi tochi."

Nthabwala imeneyi ena amaiyamba ndi mawu akuti "mzungu wina wopusa," ndipo ena amati "Mmwenye wina waumbombo amafuna amubwezere ndalama zake." Onsewo amangoilemetsa. Anthu saseka khungu la mlendoyo ayi. Amaseka kuti wina akulipira kuti aone chinthu chimene mnzake akugona panja kuchithamangitsa. Mlendoyo akhale wa ku Area 18, wa ku Chipata kapena wa ku Ulaya, phwete lake ndi lomwelo.

Pamenepa ndi poyambira pabwino kwa aliyense amene akufuna kudziwa ngati nthabwala yake ili ndi nyama kapena ndi chipongwe chovala suti. Chotsani dzina la mtundu, muikepo lina. Ngati anthu akusekabe, ndiye kuti dzinalo linangokwera ulere, litsitseni. Ngati nthabwala yafa, ndiye kuti panalibe nthabwala, panali kungoti "anthu awa ndi opepera," ndipo ife timaseka chifukwa tinazolowera kuvomereza.

* * *

Yotchuka kwambiri m'maesiteti ndi ya tenanti. Imakambidwa chonchi: "Mlomwe wina analima fodya chaka chonse. Tsiku la malipiro abwana anamuwerengera ndalama, iye osamva kanthu poti masamu ndi Mlomwe n'zosiyana. Anamupatsa wailesi yakutha, iye n'kuvina mpaka kwawo." Anthu amaseka, makamaka wokambayo akayeserera kalankhulidwe ka ku Phalombe n'kupinda khosi.

Tiyeni tiyiyese. Ikanipo Mchewa: "Mchewa wina anamupatsa wailesi yakutha, iye n'kuvina mpaka kwawo." Pa Santhe kapena kwa Chulu palibe amene aseke, ena akufunsani kuti mukutanthauza chiyani. Ndiye kuti wailesi sinali yoseketsa, kuvinako sikunali koseketsa. Kuseka kunkagwera pa liwu limodzi, la Mlomwe, ndipo linabwera koyambirira penipeni. Chimenecho ndi chizindikiro china: nthabwala yabwino imasunga mpeni wake mpaka pa mzere womaliza, pomwe yonyoza mtundu anthu amayamba kumwetulira musanafike n'pakati pomwe, chifukwa mathero akuwadziwa kale.

Koma nkhaniyi si yotaya. M'kati mwake muli chinthu choseketsa zedi, kungoti wokamba analoza chala kolakwika. Funso n'lakuti, chamupanikiza munthuyu n'chiyani? Aliyense wa kuno akulidziwa yankho. Kwa zaka zambiri malole ankatenga mabanja ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe ndi madera ena a kummwera kumene malo olima ndi ochepa, n'kudzawatula m'maesiteti a ku Kasungu ndi ku Mchinji. Tenanti salandira pamwezi. Amadya chimanga cha abwana, mchere wa abwana, sopo wa abwana, zonse zikulembedwa m'kope, ndipo amadzalandira kamodzi fodya akagulitsidwa, ngongole zija zitachotsedwa. Mtengo wa chimangacho amaika ndi abwana, mtengo wa fodyayo amaikanso ndi abwana omwewo. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito n'kuletsa utenanti, koma makope aja sanapse onse.

Ndiye wopusa m'nkhaniyi si munthu. Chopusa ndi masamu a m'kopemo. Tikaloza kumeneko, nkhani imayenda chonchi.

Tenanti wina anafesa nazale mu Seputembala, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Anawokera mvula itagwa, anabandira, anathena, anathyola, anasoka, anapachika m'chigafa, anasankha magiredi mpaka maso kufiira, n'kudinda mabelo pajeke. Mu Julaye abwana anamuitanira pakhonde, kope lili pamiyendo.

"Fodya wako yense wakwana K600,000."

Tenanti uja anamwetulira.

"Tsopano tichotsere. Chimanga cha miyezi khumi. Mchere. Sopo. Makasu awiri. Thiransipoti yobwerera kuno. Panado wa tsiku lija unadwala malungo. Komanso tsiku lomwelo sunagwire ntchito."

Abwana ananyowetsa chala, n'kutembenuza tsamba.

"Zonse pamodzi K640,000. Ndiye watsala ndi ngongole ya K40,000."

Tenanti anakhala phee, akuyang'ana zala zake zakuda ndi utomoni wa fodya. Kenaka anati:

"Ndamva, bwana. Ndiye ndimati chaka chamawa ndingokhala osalima, mwina tingafanane."

Taonani zimene zasintha. Dzina la mtundu lachoka, ndipo palibe amene walisowa. Malo amene munali kuyeserera kalankhulidwe mwalowa zinthu zenizeni, makasu awiri ndi Panado, ndipo n'zimene zikukoka anthu chifukwa aliyense analionapo kope lotere. Chachikulu n'chakuti mawu omaliza apatsidwa kwa munthu yemwe poyamba ankasekedwa. Iye ndiye waona kupusa kwa masamuwo msanga kuposa tonse. Mungathe kuikamba nkhaniyi tenanti ali pomwepo, ndipo iye ndi amene awonjezere kuti, "Mwaiwala machesi."

Abwana nawo musawasandutse chilombo cha mtundu wakutiwakuti. Mukangoti "bwana wa Chitumbuka" kapena "bwana wa Chichewa," mwabwerera pomwe munachoka, mwangosintha wolira.

* * *

Eni nthaka nawo ali ndi yawo imene amawanenera ku Lilongwe. Ati mlimi wa ku Kasungu akagulitsa fodya amasamba m'manja ndi mowa, amagulira njinga yake Fanta, amagula matiresi mu Meyi n'kudzawagulitsa theka la mtengo mu Januwale. Ine ndaimvapo kambirimbiri, ndipo nthawi zonse amaikamba ndi anthu olandira pa 25 mwezi uliwonse, amene pofika pa 10 amakhala akupempha ya minibasi. Munthu amene amalakwitsa bajeti ka khumi ndi kawiri pachaka akuseka mnzake amene amalakwitsa kamodzi.

Chomupanikiza mlimi ndi choti ndalama imabwera kamodzi, imachedwa, ndipo ikamafika imakhala itadyedwa kale m'njira. Zoseketsa zili pamenepo, ndipo alimi eniake amazikamba bwino kuposa a m'tauni.

Wina anabwera kuchokera ku okushoni ndi pepala la malonda. Mayi a kunyumba anamuchingamira, ana anamulandira chikwama. Anakhala pamphasa n'kuyamba kuwerenga mokweza. Pamwamba panali madola, mayi aja n'kululutira. Kenaka anatsika nalo: ngongole ya feteleza, ya mbewu, ya masaka, ya thiransipoti, ya bungwe, msonkho. Nthungululu ija inkachepa mzere ndi mzere.

"Nanga zathu n'ziti, bambo?"

"Pepalali, mayi. Anati titha kusunga."

Wina belo lake linabwezedwa, ati muli ulusi wa pulasitiki. Analitengera kumudzi, kulimasula, kulisankhanso, kulidindanso, kulitumizanso. Linakhalanso palole masiku angapo kudikira kulowa. Anzake atamufunsa kuti zikuyenda bwanji anati, "Zikuyenda ndithu. Belo langa lafika ku Chinkhoma kawiri, ine mwini wake sindinapondeko. Likadzabweranso ndilifunsa za mitengo, layenda kwambiri limeneli."

Palibe Mchewa, palibe Mngoni m'nkhani ziwirizi, koma pitani nazo ku Rumphi kapena ku Dowa muone ngati safa nako kuseka.

* * *

Za amayi ndiye zilipo zodzaza nkhokwe, ndipo zambiri mutu wake ndi umodzi: mkazi ndi wolongolola, mkazi sasunga chinsinsi. Ina imati mayi wina anagula foni, pofika madzulo mudzi wonse unali utadziwa kuti mwamuna wake ali ndi ngongole. Yeserani kuikapo bambo. Ifa? Siifa kwenikweni, imangotsimphina, ndipo kutsimphinako kukukuuzani kuti muli kanthu kabwino kamene kakwiririka. M'midzi ina ya m'mphepete mwa paki, netiweki imagwira malo amodzi okha, pachulu. Chinsinsi chingasungike bwanji pamene mudzi wonse ukuimbira foni pa chulu chimodzi?

Bambo wina anakwera pachulu madzulo kuti aone ngati ndalama ya fodya yalowa. Foni isanakhazikike n'komwe, inalira. Anali mwini golosale amene anamukongoza shuga ndi mafuta kuyambira Disembala.

"Pepani achimwene, ndili ku Lilongwe, ndibwera Lachisanu."

Tambala analira kumunsi kwa chulu.

"Ku Lilongwe kuli atambala?"

"Ndili kumsika wa nkhuku."

"Chabwino. Koma musunthe pang'ono kumanzere, achimwene, mukunditchingira netiweki. Ndili kuseri kwa chulu chomwechi."

* * *

Ena anena kuti, "Nanga si chikhalidwe chathu? Asuwani amanyozana, adzukulu pamaliro amachita nthabwala anamfedwa akulira." Zoona, ndipo palibe amene akufuna kuzithetsa. Tsidya lija ku Zambia, Abemba ndi anthu a kum'mawa ali ndi chimbuya chawo: awa amanena anzawo kuti ndi odya anyani, iwo n'kubweza kuti inu ndinu odya mbewa, ndipo amatero ngakhale pamaliro, akuthirana ufa kumutu. Koma taonani malamulo ake. Onse awiri ali ndi ufulu wobweza, pomwepo, pamaso pa anthu. Onse akudziwa kuti ubalewo ulipo. Ndipo amene wakunyoza lero ndi yemweyo adzakumbe manda a mayi ako mawa. Chipongwecho chimalipiridwa ndi thukuta.

Tsono bwana wa esiteti akamaseka kalankhulidwe ka tenanti wake, tenantiyo angabweze? Amaseka nawo, inde, mano onse panja, chifukwa chimanga cha mwezi wamawa chili m'nkhokwe ya wosekayo. Kuseka kwa munthu amene sangabweze si umboni woti nthabwala yakoma. Mukafuna umboni, onani ngati iyeyo amaikambanso yekha inu mutachoka.

Palinso zina zimene zimangooneka ngati nthabwala koma m'kati mwake muli mlandu. Zija zakuti Mtumbuka akalowa pa ofesi, pofika chaka mlonda ndi wophika tiyi omwe amakhala akwawo. Ku Kasungu kuno Achewa ndi Atumbuka ndi oyandikana minda, cha kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba anakwatirana mpaka sudziwa kuti malire ali pati, koma nthabwalayi imayendabe. Akuluakulu akukumbukira kuti mu 1989 boma la Kamuzu linalamula aphunzitsi kuti abwerere kuzigawo zakwawo, ponena kuti ochokera kumpoto ankaphunzitsa mwadala mosalongosoka ana a zigawo zina. Mabanja anapakira katundu pamalole. Mlandu umene umanenedwa moseka pamowa ndi womwewo unanenedwa mosaseka pamsonkhano.

Kodi imeneyi ingakonzeke? Ingakonzeke, poti kukondera abale kulibe mtundu. Mkulu wina atangosankhidwa kukhala wapampando wa kalabu ya alimi, anaitanitsa msonkhano n'kulengeza kuti m'kalabu muno za chibale zatha. Anthu anawomba m'manja. Mlembi anawomba, msungichuma anawomba, wosunga makiyi a shedi anawomba. Atatha, onse atatu anati, "Mwalankhula bwino, amalume."

* * *

Sikuti nthabwala iliyonse ili ndi mankhwala. Ina mukachotsa dzina la mtundu, n'kufunsa kuti chomupanikiza munthuyu n'chiyani, simupeza kanthu. Mulibe kope, mulibe chulu, mulibe belo. Muli kungoti anthu akuti ndi auve, kapena kuti munthu wachialubino kapena wachibwibwi ndi woseketsa poti ali choncho. Imeneyo musavutike nayo, itayeni.

Pokonza pali misampha iwiri imene ndaona anthu akugweramo. Woyamba ndi kusamutsa chipongwe. Munthu wauzidwa kuti asanene Mlomwe, iye n'kuti "wakumudzi wina," kapena "wamisala wina," kapena "wosaphunzira wina." Nthabwala ndi yomweyo, yangosintha malaya. Mudzaizindikira poti munthu wa m'nkhaniyo akadali wopusa kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ndipo palibe chimene chamuchititsa kupatula kuti anabadwa choncho. Msampha wachiwiri ndi woipa kuposa woyamba kwa ife okonda kuseka: kusandutsa nthabwala kukhala ulaliki. Tenanti uja akangoyamba kunena za ufulu wa anthu ogwira ntchito pakhonde la abwana, anthu ayamba kuyang'ana mafoni. Musiyeni anene chiganizo chimodzi chokha, chaulemu, chokhala ndi "bwana" wake, ndipo omvera amalize okha masamuwo.

Ndiponso wopusa asasowe m'nkhani, chifukwa nthabwala yopanda wopusa ndi lipoti. Makolo ankadziwa zimenezi, n'chifukwa chake umbombo anaupereka kwa Fisi, ukathyali kwa Kalulu, ndipo palibe mudzi umene unakwiya. Izeki ndi Jakobo, malemu John Nyanga ndi Eric Mabedi, anaseketsa dziko lonse kwa zaka zambiri ndi anthu awiri okanganirana zinthu za tsiku ndi tsiku. Munthu akhoza kupusa chifukwa cha dyera lake, mantha ake, ngongole yake, kapena kufuna kuoneka bwino pamaso pa apongozi. Zimenezo tonse tili nazo, ndipo n'chifukwa chake timaseka.

Nayi ina ya dyera. Mlimi wina anaika mwala pakati pa belo kuti lilemere, poti belo limodzi limakhala pafupifupi makilogalamu 100 ndipo lake linkaperewera. Belo linabwezedwa, ndipo wa lole anamulipiritsa thiransipoti yopita ndi yobwera, mowerengera kulemera kwake. Mkazi wake anaugubuduza mwala uja n'kuukhazika pabwalo pooneka.

"Mwala umenewo ukutani pamenepo, mayi?"

"Usiyeni, bambo. M'banja muno ndi wokhawu umene tinaulipirira ulendo."

* * *

Tibwerere kwa njovu, poti ndi kumene chizolowezi chathu chimaonekera poyera. Mu 2022 boma ndi mabungwe osamalira nyama anasamutsa njovu 263 kuchoka ku Liwonde kudzazitula m'paki ya Kasungu. Chiyambire pamenepo, anthu a m'malire mwa paki, kuno ndi ku Zambia komwe, akhala akudandaula za minda yowonongeka, ndipo ena anataya abale awo. Zimenezo si zoseka, ndipo amene angazisandutse nthabwala pamaso pa ofedwa adziwa yekha. Koma chimanga chodyedwa anthu amachiseka, poti kulira tsiku lililonse n'kotopetsa.

Mkulu wina anadzuka m'mawa n'kupeza chimanga chonse chapita, maungu apita, nkhokwe yagwetsedwa. Munda wa fodya wokha unali chiimire, njovu zinangodutsa m'mphepete. Anaima nthawi yaitali manja ali m'chiuno. "Nazonso zaukana," anatero. "Zikanangondisiyira kapepala kondiuza kuti giredi yake ndi yotani."

Ndipo pamsonkhano wina kwa amfumu, gogo wina anaimirira ndi ndodo yake.

"Zikomo amfumu. Ine ndinabadwira kuno. Njovu zathu za kuno zinali zaulemu. Zinkadya pang'ono, n'kusiyako mbewu. Koma izi zobwera palolezi, za kummwerazi, zilibe mwambo."

"Agogo," anafunsa mnyamata wina woyang'anira nyama, "usiku mumazisiyanitsa bwanji?"

"N'zosavuta, mwana wanga. Ikadya kwa aneba ndi yathu. Ikadya kwanga ndi ya ku Liwonde."